Mgaiwa ndi nyemba zimafuna kuzolowera, osati kuziyamba mwaphuma

Munthu akamupeza ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, malangizo a zakudya amene amamva kuchipatala ndi odziwika: asiye ufa woyera adzidya mgaiwa, achepetse nyama achulutse nyemba, asiye zakumwa zotsekemera adzidya zipatso. Malangizowa ndi abwino. Vuto limabwera pa kachitidwe kake. Munthu uja amafika kunyumba ali ndi mantha, n'kusintha zonse tsiku limodzi. M'mawa phala la mgaiwa, masana nsima ya mgaiwa ndi mbale yodzaza nyemba, madzulo chimodzimodzi, pakatipa magwafa. Pofika tsiku lachitatu mimba yafufuma, ikulira, lamba wathina, mpweya ukutuluka mosalekeza, ndipo ena chimbudzi chimawavuta kuposa kale. Sabata isanathe amagamula kuti "mgaiwa sundiyanja" kapena "nyemba zimandidwalitsa", n'kubwerera ku zakale.

Ambiri mwa anthu oterewa zakudyazo zimawayanja bwinobwino. Chimene sichinawayanje ndi liwiro.

Chinthu chimene madokotala amafuna kuti tichipeze mu mgaiwa, nyemba, masamba ndi zipatso ndi faiba. Faiba ndi gawo la chakudya chochokera ku zomera limene thupi lathu silitha kuligaya. Amapezeka m'gaga wa chimanga, m'makoko ndi m'kati mwa nyemba, m'mitsitsi ya mbatata ndi mango, m'khungu la gwafa, ngakhalenso m'kunanda kwa therere. Mu nyama, nsomba, mazira, mkaka, shuga ndi mafuta mulibe faiba ngakhale pang'ono. Chakudya china chonse chimagayidwa m'chifu ndi m'matumbo aang'ono n'kulowa m'magazi, koma faiba amadutsa mpaka kukafika m'thumbo lalikulu. Wina amasungunuka m'madzi n'kukhala wonanda, ndipo ameneyu amachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi komanso amathandiza kutsitsa mafuta oipa. Wina sasungunuka, amangowonjezera kukula kwa chimbudzi kuti chiziyenda msanga.

Nkhani ya faiba inatchuka kuchokera ku Africa konkuno. Dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha Mulago ku Kampala m'dziko la Uganda, anaona kuti khansa ya m'thumbo lalikulu ndi matenda ena a m'matumbo, amene anali ofala ku Ulaya, sankaoneka kawirikawiri pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa. M'zaka za m'ma 1970 iye ndi mnzake Hugh Trowell anafalitsa ganizo lakuti kusiyanaku kunkachokera ku chakudya: anthu a kumudzi ankadya mbewu zosakonola, nyemba ndi masamba, pamene azungu ankadya buledi woyera ndi shuga. Kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti anthu odya faiba wambiri sadwala kawirikawiri matenda a mtima, shuga wa akuluakulu ndi khansa ya m'thumbo lalikulu. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu azipeza faiba wosachepera magalamu 25 patsiku kuchokera ku chakudya chenicheni. Chomvetsa chisoni n'chakuti chakudya chimene Burkitt ankasirira ndi chomwecho chimene m'matauni mwathu tachisiya, ndipo ena amachitcha chakudya cha amphawi.

Chimachitika n'chiyani m'mimba

M'thumbo lalikulu mumakhala mabakiteriya osawerengeka, ndipo ambiri mwa iwo ndi othandiza. Chakudya chawo ndi faiba uja amene ife talephera kugaya. Akamamudya amatulutsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi timichere timene timadyetsa khungu la m'kati mwa thumbo ndi kulisunga lathanzi, ndipo apa ndi pamene pagona phindu lina lalikulu la faiba. Chachiwiri ndi mpweya. Ziwirizi zimayendera limodzi. Palibe njira yopezera choyambacho popanda chachiwiricho, choncho munthu amene wayamba kudya bwino asadabwe kuona mpweya ukuchulukirapo. Ngakhale munthu wabwinobwino amatulutsa mpweya kakhumi kapena kuposerapo patsiku, kungoti sawerenga.

Nyemba zili ndi chinanso chapadera. Muli mitundu ya shuga, rafinosi ndi sitakiyosi, imene matumbo a munthu alibe chida choigayira. Shuga ameneyu amakafika m'thumbo lalikulu ali wathunthu, ndipo mabakiteriya amamudya mofulumira kwambiri. N'chifukwa chake amene wadya nyemba zambiri masana amayamba kumva mimba kulira chakumadzulo kapena usiku, patapita maola angapo, chakudya chikafika kumunsi.

Kuchuluka ndi mitundu ya mabakiteriya m'mimba mwa munthu kumatengera zimene iye amadya masiku onse. Amene wakhala zaka akudya buledi woyera, mpunga, tchipisi ndi nsima ya ufa woyera, matumbo ake anazolowera faiba wochepa. Zili ngati chigayo chimene mwathiramo chimanga chambiri nthawi imodzi: chimatsamwa, osati chifukwa chimangacho n'choipa, koma chifukwa chalowa mopitirira mphamvu yake. Mukawonjezera faiba pang'onopang'ono, mabakiteriya amasintha, matumbo amazolowera kukankha mpweya msanga, ndipo kufufuma kumachepa. Kusinthaku kumatenga masabata, osati masiku.

Pali kafukufuku amene anachitika ku America n'kufalitsidwa mu 2011, wa Donna Winham ndi Andrea Hutchins. Anthu ankadya theka la kapu ya nyemba zophika tsiku lililonse kwa masabata angapo, n'kumanena m'mene akumvera. Pa amene ankadya nyemba wamba, osafika theka ndi amene anati mpweya wachuluka m'sabata yoyamba. Pa amene ankadya khobwe, anali 19 okha pa 100 aliwonse. Ambiri mwa amene anadandaula poyamba anati vutolo linachepa kapena kutha patapita masabata ochepa, akudyabe nyembazo. Apa pali zinthu ziwiri zoti tizigwire. Mantha athu pa nyemba ndi aakulu kuposa vuto lenileni, ndiponso mitundu ya nyemba siivuta mofanana.

Tiwerengere pamodzi

Titenge chitsanzo cha mayi wa zaka za m'ma 40 wogwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, amene wauzidwa kuti shuga wake wayamba kukwera. M'mawa amamwa tiyi ndi masilayisi atatu a buledi woyera, amene ali ndi faiba pafupifupi magalamu 2. Cha m'ma 10 koloko amadya mandasi. Masana ndi mpunga woyera, nkhuku ndi kabichi pang'ono, magalamu mwina 3. Usiku ndi mitanda iwiri ya nsima ya ufa woyera, nsomba ndi repu wochepa pambali, magalamu 6 kapena kucheperapo. Tsiku lonse akupeza magalamu pafupifupi 12, theka chabe la mlingo wofunika.

Tsopano asinthe zonse tsiku limodzi. Mgaiwa uli ndi faiba pafupifupi magalamu 7 pa magalamu 100 aliwonse a ufa, ndipo ufa woyera, umene chimanga chake chinakonoledwa, kuviikidwa ndi kutsukidwa, sufika theka la pamenepo. Mitanda iwiri ya mgaiwa masana ndi ina iwiri usiku imamupatsa magalamu pafupifupi 20. Kapu yodzaza ya nyemba zophika ndi magalamu 13 kapena kuposa. Magwafa atatu aakulu bwino ndi magalamu enanso oposa 10. Tikaphatikiza phala la m'mawa ndi masamba, mayiyu wadumpha kuchoka pa 12 kufika pafupifupi 50. Mimba yake yalandira kanayi kuposa zimene inazolowera. Palibe chodabwitsa kuti usiku umenewo sagona bwino.

Njira yabwino ndi kuwonjezera magalamu 3 mpaka 5 pa sabata, ndi kusintha chinthu chimodzi kapena ziwiri zokha nthawi imodzi. Kusintha chimodzichimodzi kuli ndi phindu lina: mimba ikavuta, mumadziwa chimene chayambitsa.

Sabata yoyamba mayiyu asakhudze nsima ndi ndiwo. Angochotsa mandasi aja n'kuikapo nthochi imodzi yakupsa, imene ili ndi magalamu pafupifupi 3, ndipo masiku ena chidutswa cha papaya. Ndimakonda kuyamba ndi zipatso ziwirizi chifukwa n'zofewa ndipo kawirikawiri sizivutitsa. M'sabata yomweyi ayambe kuzolowera kumwa madzi okwanira, pokonzekera zimene zikubwera. Wafika pa magalamu 15 kapena 16.

Sabata yachiwiri afike pa ufa, koma asataye ufa woyera. Asakanize mbale imodzi ya mgaiwa ndi mbale zitatu za ufa woyera mu ndowa imodzi, n'kumaphikira nsima ya usiku. Nsima yake imaderako pang'ono basi, ndipo ana ambiri sadandaula nayo. Ichi n'chofunika, chifukwa m'nyumba zambiri mphika wa nsima ndi umodzi, ndipo munthu amene akuphikiridwa nsima yakeyake satenga nthawi asanagwe ulesi. Awonjezerenso ndiwo zamasamba, kuchoka pa kakang'ono kongolawa kufika pa chipande chodzaza cha nkhwani, bonongwe kapena chisoso. Apa ali pa magalamu pafupifupi 19.

Sabata yachitatu ndi ya nyemba, ndipo apa mpofunika kudekha. Ayambe ndi masipuni aakulu atatu kapena anayi a nyemba zopsa bwino, pambali pa ndiwo zina, tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: amakhala masiku asanu ndi limodzi osalawa nyemba, kenako Loweruka n'kudya mbale yonse. Kudya kotere sikupatsa matumbo mpata wozolowera, ndipo Loweruka lililonse limakhala ngati loyamba. Zochepa koma kawirikawiri n'zimene zimathandiza. Ngati nyemba za nanyati kapena kholophethe zikuvuta, ayambe ndi khobwe, mphodza kapena nandolo wamuwisi. Wafika pa magalamu 22 kapena 23.

Sabata yachinayi ufa ukhale theka mgaiwa theka woyera, ndipo nyemba zifike theka la kapu. Powerengera, mayi uja wadutsa kale magalamu 25, chonsecho sanayambe n'komwe kudya mgaiwa wokhawokha. Kuyambira pamenepa angathe kupitiriza mosathamanga: mbatata yophika ndi makoko ake kapena futali m'malo mwa buledi wa m'mawa, phala la mgaiwa kapena la mawere lothira nsinjiro, ndipo pomaliza nsima ya mgaiwa weniweni ngati akufuna.

Masabata amenewa si lamulo lokhwima. Ngati sabata ina mimba yafufuma mosowetsa mtendere, asapite patsogolo. Abwerere pa mlingo wa sabata yathayo, akhale pamenepo masiku asanu kapena sabata yathunthu, kenako ayesenso ndi kagawo kocheperapo. Wina amafika m'mwezi umodzi, wina m'miyezi iwiri. Ndipo popeza mayi wathuyu ali ndi shuga, tinenepo chimodzi: mgaiwa nawo ndi chimanga, ndipo umakweza shuga ukadyedwa wambiri. Kusintha ufa sikupereka chilolezo chowonjezera mitanda. Komanso mankhwala a shuga a metformin nawo amatupitsa mimba ndi kutsegula m'mimba m'masabata oyamba. Amene wayamba mankhwalawa ndi mgaiwa tsiku limodzi angathe kunamizira mgaiwa mlandu wa mankhwala. Asasiye mankhwala payekha, akafotokoze kuchipatala kumene anawalandira.

Kaphikidwe ka nyemba

M'makomo ambiri nyemba timangozisankha, kuzitsuka n'kuziika pambaula m'mawa kuti zipse masana. Kwa amene akuvutika ndi mpweya, kuviika kumathandiza. Viikani nyemba usiku m'madzi ambiri, oti azimiza nyembazo ndi kutsalako, chifukwa zimafufuma. M'mawa, patapita maola 8 mpaka 12, tayani madziwo, tsukuluzani nyemba, n'kuphika ndi madzi atsopano. Gawo lina la shuga wovuta uja limasungunukira m'madzi oviikirawo n'kutayidwa nawo. Sachoka yense, koma amachepa, ndipo faiba amatsala. Phindu lina ndi lakuti nyemba zoviika zimapsa msanga, makala sapita ambiri. M'nyengo yotentha musaviike kupitirira usiku umodzi, chifukwa zimayamba kuchita thovu ndi kusasa.

Nyemba ziyenera kubwadamuka kwambiri kwa mphindi zosachepera 10 poyamba, kenako zipse pamoto wapakati mpaka zifewe. Izi n'zofunika makamaka pa nyemba zofiira, chifukwa zosapsa zili ndi poizoni wachilengedwe amene amachititsa nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa. Moto waukulu umamuwononga. Poyesa ngati zapsa, tengani nyemba imodzi muifinye pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ikhale yophwanyika yonse ngati mbatata yophika, popanda kachinthu kolimba kapena koyera pakati. Nthawi zambiri munthu akamati nyemba zamupotokola m'mimba, zimakhala kuti zinaphulidwa zisanapse chifukwa makala anatha kapena nthawi ya nkhomaliro inakwana. Nyemba zimene zakhalitsa m'thumba chaka chonse ndiye zimavuta kwambiri kupsa.

Ena amathira soda kuti zifewe msanga. Zimafewadi, koma soda wambiri amawononga mavitamini ena, makamaka B1. Ndi bwino kuviika kusiyana ndi kudalira soda. Kwa mimba yovuta kwambiri, makolo athu anali kale ndi njira: chipere. Nyemba zoviika zimachotsedwa makoko, kuphikidwa n'kupotedwa mpaka zisalale. Chipere chili ndi faiba wocheperapo ndipo ambiri chimawakhalira bwino, motero ndi poyambira pabwino kwa okalamba ndi amene angochira kumene. Pakapita masabata awiri mungayambe kusakanizamo nyemba zamakoko. Musaiwalenso kuti mafuta ambiri ndi anyezi wochuluka nazo zimatupitsa mimba, choncho nyemba zosambira m'mafuta zimavuta pawiri.

Za mgaiwa ndi zipatso

Popeza mgaiwa sukonoledwa, chilichonse chimene chili pakhungu la chimanga chimalowa mu ufa. Chimanga chowola ndi cha chuku chimakhala ndi poizoni, monga aflatokisini, amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Kukonola kumachotsa gawo lina la poizoniyu pamodzi ndi gaga, koma pa mgaiwa chitetezo chimenechi palibe. Musanapite kuchigayo sankhani chimanga, tayani chowola, chosintha mtundu ndi chofumbwa, petani bwino, ndipo ngati munathira mankhwala a anankafumbwe, chitsukeni n'kuchiyanika mpaka chiumitsitse. Gayitsani wochepa, wa masabata awiri kapena atatu. Mgaiwa uli ndi mtima wa chimanga, umene uli ndi mafuta, ndiye ukakhalitsa umayamba fungo ndi kuwawa. Pophika, phala lake lisiyeni liwire nthawi yotalikirapo kusiyana ndi la ufa woyera musanathire ufa wina. Nsima ya mgaiwa yophika mothamanga imamveka yaiwisi mkamwa ndipo imalemera m'mimba. Amene ali kunja, kumene mgaiwa supezeka mosavuta, njira ndi yomweyi pa oti, mpunga wosapuntha kwambiri ndi buledi wa tirigu wathunthu: kusakaniza ndi zimene munazolowera, n'kumawonjezera.

Zipatso zathu zimabwera mwa nyengo, ndipo zikabwera zimabwera zambiri. Mango akapsa mu Novembala ndi Disembala, munthu amene miyezi yonseyi sanalawe chipatso amatha kumaliza beseni. Kutsegula m'mimba kumene kumatsatira nthawi zina kumachokera ku ntchentche ndi manja osasamba, koma nthawi zinanso ndi kuchuluka chabe kwa shuga wa m'zipatso amene matumbo alephera kumuyamwa yense. Zipatso ziwiri kapena zitatu patsiku, zodyedwa nthawi zosiyana, n'zokwanira poyamba. Gwafa ali ndi faiba wambiri, oposa magalamu 5 pa magalamu 100, ndipo magwafa osapsa odyedwa ambiri ndi njere zake amaumitsa chimbudzi, makamaka kwa ana. Peyala lili ndi faiba wambiri ngakhale ndi lofewa. Malambe ndiye amaposa zonse, moti supuni imodzi ya ufa wake m'phala ndi yokwanira kwa woyamba kumene. Chipatso mukachifinya n'kusefa madzi ake, faiba wambiri amatsalira mu sefa, ndipo chimene mwamwa ndi shuga ndi madzi. Lalanje lidyeni ndi timitsitsi take.

Zipatso zili ndi ntchito inanso pamene mgaiwa ndi nyemba zachuluka m'mbale. Gaga ndi nyemba zili ndi chinthu chimene chimalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi, mchere wopanga magazi. Vitamini C wa mu gwafa, lalanje, papaya, malambe kapena tomato amathandiza kuti ayironi ameneyu alowe, pamene tiyi womwera pachakudya amalepheretsa. Kwa amayi oyembekezera ndi atsikana, chipatso chitsatane ndi nsima, ndipo tiyi adikire ola limodzi kapena awiri.

Madzi ndiwo amene anthu amaiwala kwambiri. Faiba amafewetsa chimbudzi chifukwa amayamwa madzi. Madziwo akasowa, chimbudzi chimakula koma chili chouma, ndipo munthu amene amafuna kuthetsa kudzimbidwa amakuwonjezera. Makapu 6 mpaka 8 patsiku ndi poyambira, ndipo mu Okutobala kapena pogwira ntchito ya thukuta afunika ochulukirapo. Mkodzo ndiwo umanena zoona: ukhale woyererako, osati wachikasu chakuda. Kuyenda pansi mphindi 10 kapena 15 mutatha kudya kumathandizanso mpweya kuyenda m'malo mounjikana. Kutafuna bwino, osathamanga, kumachepetsa mpweya umene timameza pamodzi ndi chakudya, umene umabwera ngati kugeya.

Kusiyanitsa kuzolowera ndi matenda

Vuto la kuzolowera lili ndi maonekedwe ake. Limabwera patapita maola angapo mutadya, mimba imalira ndi kufufuma pang'ono, ndipo mukatulutsa mpweya kapena kupita kuchimbudzi mumapeza bwino. M'mawa mimba imakhala itaphwa. Chilakolako cha chakudya chimakhalapo, thupi silitentha, ndipo sabata ndi sabata zinthu zimanka zichepa. Chizindikiro chakuti mwafika pabwino ndi chimbudzi chofewa koma choumbika, chotuluka popanda kudzikakamiza.

Pali magulu ena amene ndondomeko ili pamwambayi siyenera kutsatidwa mwachimbulimbuli. Mwana wosafika zaka ziwiri ali ndi kamimba kakang'ono, ndipo chakudya cha gaga wambiri chimamukhutitsa asanapeze mphamvu zokwanira. Iye amafunika phala lolimba bwino lothira nsinjiro, dzira kapena mafuta pang'ono, ndi zipatso zofewa. Ngakhale WHO imaika mlingo wochepa kwa ana: magalamu 15 kwa a zaka 2 mpaka 5, ndi 21 kwa a zaka 6 mpaka 9. Wodwala impso afunse kaye kuchipatala, chifukwa nyemba, nthochi ndi mapeyala zili ndi potaziyamu wambiri amene impso zofooka zimalephera kuchotsa. Amene anachitidwa opaleshoni ya matumbo posachedwa, kapena anauzidwapo kuti matumbo ake ndi opanikizika, atsate zimene dokotala wake wanena. Amene amabaya insulini kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga aziyezetsa pafupipafupi pamene akusintha chakudya, chifukwa shuga angatsike kuposa m'mene ankayembekezera.

Ngati mwachita zonse mwadongosolo koma patha masabata 6 kapena 8 mimba ikuvutabe, yesani kuchotsa chinthu chimodzi kwa sabata, monga nyemba zokha, n'kuona kusintha. Nthawi zina wolakwa amapezeka kuti si faiba ayi koma mkaka, umene akuluakulu ambiri kuno sagaya bwino, kapena zakumwa za gasi. Ena ali ndi matumbo osachedwa kumva kuwawa ngakhale mpweya uli wochepa, ndipo amenewa gaga ndi nyemba zambiri zimawavuta pamene oti, therere, papaya ndi nthochi zimawakhalira bwino. Njoka za m'mimba ndi tizilombo ta m'madzi oipa nazonso zimatupitsa mimba, ndipo zimafuna kuyezetsa chimbudzi ndi kulandira mankhwala.

Koma pali zizindikiro zimene si za kuzolowera, ndipo zisamayikidwe pa nyemba. Magazi m'chimbudzi, chimbudzi chakuda bii ngati phula mwa munthu amene sakumwa mapilitsi owonjezera magazi, kuwonda popanda chifukwa, kutsegula m'mimba kodzutsa usiku, chakudya kukanirira pakhosi pomeza, kapena kusintha kwa kapitidwe kuchimbudzi kopitirira masabata angapo mwa munthu wa zaka zoposa 45, zonsezi zimafuna kuti dokotala aone. Chimodzi sichidikira n'komwe kuti kuche. Mimba ikatupa kwambiri n'kulimba, ikupweteka mopotokola, munthu akusanza, ndipo mpweya ngakhale chimbudzi sizikutuluka, n'kutheka kuti thumbo lapotana kapena latsekeka. Kupotana kwa thumbo lalikulu ndi vuto limene madokotala a maopaleshoni m'zipatala zazikulu za m'Malawi amakumana nalo kawirikawiri, makamaka mwa abambo. Munthu wotere musamupatse chakudya, soda, mankhwala otsegula m'mimba kapena azitsamba. Pezani galimoto mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa thumbo lopotana limatha kufa m'maola ochepa magazi akasiya kufikako.